Ndime Imene Ndinailumpha Powerengera Apongozi

Mapepalawo anabwera Lolemba masana m'thumba la jekete ya apongozi anga aamuna, opindapinda ndiponso akununkha utsi wa nsomba. Ine ndinali nditangoweruka kusukulu ya mishoni kumene ndinkaphunzitsa, nsapato ndisanavule n'komwe. Anakhala pampando umene mkazi wanga anawatulutsira, anawongola mapepalawo pabondo, kenako n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupereka khanda.

"Aphunzitsi, chizungu chanu chija lero chapeza ntchito," anatero.

Ndinali mkamwini pamudzipo chaka chachitatu. Nyumba inali yanga poti ndinamanga ndekha, koma malo anali a eni ake, munda unali wa eni ake, ngakhale mtengo wa mango umene ndinkakhala pansi pake pochonga makope unali ndi mwini wake. Chimene ndinabwera nacho ine chinali njinga yatsopano ndi Chingerezi cha m'mutu. Njingayo ankaibwereka tsiku ndi tsiku. Chingerezicho chinali chisanabwerekedwepo, ndiye mutha kuona mmene mtima wanga unadumphira tsiku limenelo.

Apongozi anali munthu wa nsomba kuyambira ubwana wawo. Makolo awo anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, n'kudzakhazikika kuno kwa Mwambo, ndipo iwo anakulira m'bwato panyanja ya Chilwa. Pa nthawiyi anali ndi mabwato awiri, khoka limodzi, ndi laisensi yogulitsira nsomba. Chimene chinkawadya mtima chinali chimodzi: matemba awo ankagulidwa padooko ndi anthu obwera ndi malole, ndipo mtengo ankatchula ndi ogulawo. Ukakana, loleyo inkapita kwa mnzako, iwe n'kutsala ndi nsomba zako ndi ntchentche. Tsopano atapita ku Zomba kukakonzetsa laisensi ija, anamva kuti ofesi ina ya boma ikufuna munthu woperekera matemba ouma kumsasa wa anthu okonza msewu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Aliyense wofuna ntchitoyo ankayenera kulemba mtengo wake mobisa, n'kuponya kalatayo m'bokosi, ndipo akuluakulu akatsegula bokosilo ankasankha mmodzi. Zimenezi ankazitcha tenda. Kwa apongozi, tenda inatanthauza kuti kamodzi kokha m'moyo wawo mtengo wa nsomba zawo autchule okha.

Ndinayang'ana tsamba loyamba. Bokosi linali loti litsekedwa Lachisanu sabata yomweyo, nthawi ya 12 koloko masana, ndipo kalata yofika mochedwa sinali yoti idzatsegulidwa. Chidziwitsocho chinali chitakhala pabolodi masabata atatu, ife kunyanja kuno tili phee osadziwa kanthu.

"Atitu Lachisanu, bambo," ndinatero.

"Lachisanu ndi kutali," anayankha choncho, uku akuyang'ana nkhuku.

Sikunali kutali. Masamba anali anayi, zilembo zing'onozing'ono zothinana, ndime zokhala ndi manambala. Chingerezi chake sichinali chija cha m'mabuku a ana a sukulu. Chiganizo chimodzi chinkayamba pamwamba pa tsamba n'kukathera pakati, ndipo ukafika kumapeto kwake unali utaiwala kale kuti akunena ndani. Ndinang'amba mapepala pakati pa kope latsopano n'kuyamba kulemba m'Chinyanja ndime ndi ndime, kuti ndidzawawerengere apongozi zonse asanaikepo dzanja. Fomu yeniyeniyo inali yoti ilembedwe m'Chingerezi, makope awiri, popanda kufufuta. Mkazi wanga ankadutsadutsa ndi lichero, akundiseka kuti ndikuyankhula ndekha ngati wogwidwa ndi mizimu. Ndinamukalipira, ndipo sanasiye kuseka.

Lachiwiri lonse m'kalasi ndinaphunzitsa ndi theka la mutu. Ana akamawerengera masamu, ine ndinali pazenera ndi pensulo kukamwa, kufuna njira yonenera zinthu zimene kwathu sitizinena. Ndime za oyenera kulowa nawo zinali zosavuta kumasulira koma zovuta kuchita. Munthu ankayenera kukhala ndi laisensi ya chaka chimenecho, chiphaso cha msonkho, ndi anthu awiri okhala ndi katundu wodziwika oti asayine kuti akumuimira ngati atalephera ntchitoyo. Laisensi inalipo. Chiphaso cha msonkho tinachifuna nyumba yonse mpaka apongozi aakazi anachipeza m'chitini cha tiyi, atakulungamo singano. Oimira awiri aja ndiwo anandithamangitsa. Mmodzi anali mkulu wa mpingo wa pafupi, wa ng'ombe zake ndithu, amene anasayina atandifunsa katatu ngati sadzamangidwa. Winayo anali malume a mkazi wanga, a sitolo ku Songani, ndipo Lachitatu nditangoweruka ndinapalasa njinga mpaka kumeneko. Ndinagona komweko n'kubwerera m'bandakucha, siginecha ili m'thumba, miyendo isakumva zanga.

Panali ndime imodzi, ya khumi ndi chimodzi, yokhala ndi liwu limene sindinalimvepo chibadwire. Ndinalifuna m'buku la matanthauzo la kumishoni ndipo linandipatsa zosagwirizana ndi nsomba. Ku Songani kuja ndinafunsa mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki kuboma. Anavala magalasi, anawerenga kamodzi, n'kundiuza kuti ndimeyo ikuletsa munthu wolowa tenda kupita kwa bwana aliyense wa muofesimo kukadzinenerera, kukachonderera, kapena kukapereka mphatso, kaya yekha kaya kudzera mwa wina. Wochita zimenezo kalata yake imachotsedwa, ngakhale mtengo wake utakhala wabwino chotani.

"Imeneyitu muwauze bwino madalawo," anatero mkuluyo akuvula magalasi.

Ndinailemba katatu ndimeyo, ndipo katatu konse inatuluka ngati chipongwe. Ndikalemba kuti musapereke chiphuphu, zinkamveka ngati ndikuwatcha apongozi munthu wa ziphuphu. Ndikalemba kuti musakaonekere kwa bwana, zinkamveka ngati ndikuwauza kuti ndi osayenera kuoneka pamaso pa anthu. Ndikalemba kuti musapite ndi kanthu m'manja, ndiye ndinali kuphunzitsa munthu wa imvi mwambo, ine mkamwini wodya za m'munda mwake. Pomaliza ndinasiya momwemo mmene inatulukira kachitatu, n'kupitiriza ndi ndime zina.

Lachinayi madzulo, dzuwa likadalipo, tinakhala pakhonde pa apongozi kuti ndiwawerengere. Ndinkaganiza kuti tikhala awiri. Ndinapeza pali apongozi aakazi chapatali pamphasa, mkulu wa mpingo uja, ndi asodzi atatu a m'mabwato awo, aliyense atakhala ngati pabwalo la milandu. Ndinayamba bwinobwino. Za tsiku ndi ola anavomera ndi mutu. Za envelopu yomata, yolembedwa kunja mutu wa tendayo osati dzina la mwini wake, anaseka n'kunena kuti boma limakonda zobisa ngati mfiti. Za mtengo wa paundi imodzi ya pasikelo, wophatikiza kale zonyamulira mpaka kumsasa, ndiponso wolembedwa m'manambala ndi m'mawu, anakambirana ndi asodzi awo nthawi yaitali mpaka anagwirizana. Nditawerenga kuti boma silikakamizidwa kusankha wa mtengo wotsika kapena wina aliyense, anangoti, "Nanga mwini ndalama n'kumukakamiza?"

Zinavuta pa ndime za nsomba zenizenizo. Pepalalo linkafuna matemba ouma ndi dzuwa, oyanikidwa pathandala kapena pamphasa osati padothi, opanda mchenga, opanda chuku, opanda mphutsi, oikidwa m'matumba aukhondo, ofika kumsasa sabata yoyamba ya mwezi uliwonse. Thumba lokanidwa ndi woyendera linkayenera kubwezedwa ndi lina pasanathe masiku atatu. Pamodzi ndi kalatayo pankafunika kathumba ka chitsanzo, kuti aone nsomba zimene munthu akulonjeza. Ndinawerenga zonsezi ndi mawu a m'kalasi, osayang'ana nkhope ya munthu. Nditakweza maso ndinaona apongozi atakhwinyata.

"Mchenga? Aphunzitsi, mwadya matemba anga zaka zitatu. Munalumapo mchenga?"

"Iyayi bambo, si ine, ndi pepalali."

"Pepala lilibe pakamwa. Pakamwa ndi panupo."

Asodzi aja anaseka, mmodzi mpaka kugwira m'mimba. Apongozi aakazi anatembenukira kumbali. Ine makutu anandiotcha. Ndinadziwa kuti mwina madalawo akungondicheza, pakuti anali munthu wa nthabwala zolasa, koma nthabwala ya apongozi pamaso pa anthu siisiyana kwenikweni ndi mlandu. Ndinatsitsa maso papepala, ndipo chala changa chinali chili pa ndime ya khumi ndi chimodzi. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana asodzi akupukuta misozi ya kuseka, ndipo chalacho chinatsetsereka chokha n'kukaima pa ndime yotsatira. Palibe anazindikira. Mumtima ndinati palibe vuto, popeza envelopuyo ndikaponya ndine mawa, mphunzitsi wamkulu anali atandilola kale. Madalawa sadzafika n'komwe pakhomo la ofesiyo, ndiye ndiwapwetekerenji mtima ndi ndime yosawakhudza? Paja amati manyazi anapha lambe. Mwambi umenewu ndinkauphunzitsa ana sabata ndi sabata.

Ndinalemba fomuyo mosamala kuwala kusanathe, makope awiri, popanda chofufuta ngakhale chimodzi. Apongozi anasayina pang'onopang'ono, lilime lili panja, mkulu wa mpingo n'kuchitira umboni. Tinaikamo ziphaso, tinamata envelopu ndi ulimbo, ndipo iwo anati igone kwawo poti nyumba yawo inali ndi loko.

Lachisanu ndinadzuka kusanayere, ndinasamba, ndinavala shati yoyera, n'kutuluka kukatenga njinga. Njinga panalibe. Pamalo pake panali chinjinga chakale cha apongozi, chopanda mabuleki, chishalo chake chomangidwa ndi luzi.

"Anyamuka tambala woyamba," anatero mkazi wanga akukoleza moto. "Akuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani yawo akaipereka okha, miyendo ali nayo."

"Atenga chiyani?"

"Envelopu ija, ndi kathumba ka chitsanzo." Anauzira moto, kenako anawonjezera ngati nkhani wamba. "Ndi dengu lija amayi anakonza dzulo. Milamba yowamba inayi, ija ikuluikulu, ndi mpunga wa fungo. Nanga kwa bwana angalowe chimanjamanja ngati wakuba?"

Sindikumbuka chimene ndinamuyankha. Ndikumbuka kuti ndinali kale pamsewu, chinjingacho chikulira ngati mbuzi yomangidwa. Mvula inali itangoleka masabata ochepa, ndipo malo otsika anali akadali matope. Pena ndinkapalasa, pena ndinkakankha, pena ndinkachinyamula paphewa. Tcheni chinaguluka kanayi. Potsetsereka ndinkaimitsa ndi chidendene, mpaka nsapato yanga ya kutchalitchi inatseguka kukamwa. Aliyense amene ndinkakumana naye ndinkamufunsa za mkulu wa jekete yakuda ndi dengu kumbuyo, ndipo aliyense ankati, "Adutsa kalekale, ndiye akupalasatu ngati mnyamata." Ndinatukwana njinga yanga yatsopano chifukwa cha liwiro lake. Phiri la Zomba linali patsogolo panga m'mawa wonse, likuoneka pafupi koma osafika, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu oti ndidzawauze ndikawapeza. Tsopano ndimeyo inkatuluka bwinobwino m'kamwa mwanga, yaifupi ndi yomveka, popanda chipongwe chilichonse. Ndinadzikwiyira koopsa.

Ndinafika kuofesiko dzuwa lili pafupi kufika pamutu, wotchi ya pakhoma isanakwane 11 koloko. Njinga yanga inali itatsamira mtengo. Apongozi anali kutsika masitepe, chipewa chili m'manja, dengu lili m'khwapa, nkhope ikuwala.

"Aa, aphunzitsi! Mwadzivutiranji? Zatheka zonse. Kalata ili m'bokosi, ndaponya ndi dzanja langali, nthawi isanakwane. Chitsanzo alandira, alembapo."

"Nanga dengulo, bambo?"

"Akana. Azungu ndi choncho, amachita manyazi. Koma tadziwana. Kalaliki wa muofesimo amafuna kunditsekereza, ine ndinawaona bwanawo akutuluka ndiye ndinawalonjera ndekha. Ndawauza kuti kalata ya matemba ili m'bokosimo ndi yanga, asandiiwale. Afunsa dzina langa, alilemba m'buku lawo." Anandigwira paphewa. "Alilemba ndithu, ine ndikuona."

Pakhonde panaima kalalikiyo, bambo wa msinkhu wanga, wa tayi. Anandikodola. Nditayandikira anayankhula motsitsa, mwaulemu, koma maso ake sanandisiye.

"Ndinu munawamasulira mapepala madalawa?"

"Ndine."

"Ndinayesa kuwaletsa, koma anati mkamwini wawo wawawerengera zonse ndipo zimenezo mulibe. Atayankhula pamaso pa bwana, ine ndinayenera kumasulira zimene ananena, sindikanasintha. Kodi ndime ija simunaione, achimwene?"

Ndinayang'ana nsapato yanga yong'ambika. Iye anadikira pang'ono, anapukusa mutu, n'kulowa.

Pobwerera apongozi anafuna kundibwezera njinga yanga, koma ndinakana, ndinati apitirize kuikwera. Tinaima pamsika wina n'kudya mlamba umodzi wa m'dengu lija ndi chinangwa. Iwo ankadya mokoma, akuwerengera mathandala amene adzamange. Ine nsombayo inkangozungulira m'kamwa. Malo onenera analipo, pansi pa mtengo, tili awiriwiri popanda wotiseka, ndipo sindinanene. Ndinadziuza kuti mwina bwanayo aona kuti ndi mkulu wa kumudzi wosadziwa, mwina dzinalo walemba pa chifukwa china. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza.

Masabata otsatirawo sindinakhazikike pena paliponse. Apongozi anadula mitengo, anamanga mathandala atatu atsopano pafupi ndi dooko, anagula mphasa ndi matumba. Wa lole wina atabwera n'kutchula mtengo wake, anamuuza pamaso pa anthu kuti adye bwino masiku otsalawa. Ndikamva kugogoda kwa nkhwangwa yawo ndili m'kalasi, choko chinkathyoka m'dzanja langa. Ndinakwapula ana chifukwa cha zinthu zazing'ono. Kunyumba ndinkayamba kuchonga makope, n'kuimirira, n'kuzungulira nyumba, n'kukhalanso. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndapeza mkazi wina ku Zomba, ndipo ndinaona kuti mlandu umenewo ukanakhala wopepuka. Kawiri konse ndinanyamuka kupita kwa apongozi nditakonzeka kuulula, ndipo kawiri konse ndinafika n'kufunsa za chifuwa cha apongozi aakazi.

Kalata inabwera kudzera kumishoni, envelopu yakhaki, ndipo anandipatsa ine kuti ndikapereke. Ndinayenda nayo mpaka kudooko osaitsegula. Ndinawapeza apongozi ali okha pakati pa mathandala awo, akutembenuza matemba ndi kamtengo. Anapukuta manja pa kabudula, anang'amba envelopuyo okha, n'kundipatsa kalatayo.

Inali ya mizere isanu. Nthawi imeneyi sindinalumphe kanthu. Ndinawauza kuti tenda yawo inafika pa nthawi yake, koma yachotsedwa osaganiziridwa, malinga ndi ndime ya khumi ndi chimodzi, chifukwa mwini wake anafika kwa bwana wa muofesimo ndi mphatso n'kupempha kuti amukumbukire.

Apongozi anayang'ana matemba awo. Ntchentche zinkatera pamphasa ndipo sanaziingitse.

"Ndime imeneyo inalimo m'mapepala aja?"

"Inalimo, bambo."

"Inu munaiona?"

"Ndinaiona. Ndinailemba m'Chinyanja. Powerenga ndinailumpha."

"Chifukwa?"

"Ndinachita manyazi. Ndinaopa kuti muona ngati ndikukunyozani."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Akanati nyamula katundu wako uzipita kwanu, ndikanadziwa poyambira kupepesa. Koma anangotenga kalatayo m'manja mwanga, anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba.

"Wakutsina khutu ndiye mnansi, aphunzitsi," anatero mofatsa. "Ine ndimayesa ndili ndi mwana pakhomo. Kani ndili ndi mlendo waulemu."

Anatola kamtengo kawo n'kupitiriza kutembenuza nsomba. Sabata yomweyo wa lole uja anabweranso, anatchula mtengo wotsikirapo kuposa kale, ndipo apongozi anamuthandiza kukweza matumba.

Nkhaniyi sanaiuze munthu, ngakhale mwana wawo, mkazi wanga. Anapitiriza kundipatsa moni, anapitiriza kutitumizira nsomba, ndipo ana athu atabadwa ankawanyamula paphewa. Koma anakhala zaka zina khumi ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sanandipatsenso pepala loti ndiwawerengere. Kalata ikabwera, kaya ya boma kaya ya mwana wawo wa ku Joni, ankavala jekete ija n'kupita nayo kwa kalaliki wa kukhoti la kwa Mwambo, ulendo wa maola awiri wapansi. Njira yake inkadutsa pakhomo panga, ndipo ankandipatsa moni bwinobwino akamadutsa.